Monita ya 165Hz ikungoima pa 60, kodi andigulitsa mphaka m'thumba?

Chibwe_wa_Mapositala
Akuluakulu, ndabwera ndi dandaulo. Ndili ndi kashopu kosindikiza makadi a ukwati ndi mapulogalamu a maliro kuno ku Kasungu boma. Achimwene anga a ku Joni anditumizira monita ya mainchi 27, ndipo pa katoni alemba 2560x1440, 165Hz. Ndalumikiza ku kompyuta yanga, koma ndikalowa mu `Settings > System > Display > Advanced display` ndikungopeza 60Hz basi. Ya 165 kulibe, ya 144 kulibenso. Usiku ndikatseka shopu ndimaseweranso gemu ya mpira, n'chifukwa chake ndinapempha yothamanga. Kodi achimwene anaberedwa kumeneko, kapena pali pomwe ndikulakwitsa? Ndikuopa kuwaimbira ndisanatsimikize, ndalama zake sizinali zochepa.

Mlonda_wa_Ngala
Anakuberani basi. Katoni saletsa munthu kulemba chilichonse. Ine ndinagulapo sipika yolembedwa 5000W koma phokoso lake ngati wailesi ya mabatire awiri.

NyaBanda_Mtunthama
Musathamangire kunena kuti anaberedwa, a Mlonda. A Chibwe, tiuzeni kaye zinthu zitatu. Chingwe chomwe mwalumikizira n'chotani ndipo chinachokera kuti? Kompyuta yanu ndi laputopu kapena ya bokosi? Ngati ndi ya bokosi, suzumirani kumbuyo mutiuze bowo lenileni lomwe chingwecho chalowa, kaya ndi la pamwamba pafupi ndi mabowo a USB, kaya la pansi lopingasa.

Chibwe_wa_Mapositala
Zikomo mayi. Monita inabwera ndi chingwe cha magetsi chokha, katoni anali atang'ambika panjira moti zina mwina zinagwera m'basi. Ndiye ndinazula chingwe cha HDMI pa dikoda ya kunyumba, chimene takhala nacho zaka zambiri ndithu, chachitali mwina mamita atatu. Kompyuta ndi ya bokosi, ya kaunjika, i5 ya m'badwo wachinayi, koma ndinaikamo khadi la zithunzi GTX 1060. Chingwe chalowa pamwamba, pafupi ndi pomwe ndimalowetsa kiyibodi. Ndi pomwe monita yakale inkalowa, kungoti iyoyo inali ya VGA.

Fodya_Wauma
Vuto ndi magetsi athu akuno. Magetsi a ku Malawi ndi a 50Hz, ndiye monita ingafike bwanji 165 pamene chakudya chake ndi 50? Yamikani kuti yafika 60. Zinthu zimenezi anapangira mayiko ena.

Gidi_Kamwendo
Kkkk a Fodya, ku Joni komwe yachokera magetsi ake ndi 50Hz yomweyo. Ma Hz awiriwa ndi apachibale pa dzina lokha. Magetsi a pakhoma akalowa mu monita amasinthidwa kaye kukhala osagwedezeka, za 50 zimathera pomwepo. Ma Hz a monita akuwerenga kuti chithunzi chikujambulidwanso kangati pa sekondi imodzi.

Kwa ine wolakwa ndi chingwe cha dikodacho. Chimenecho ndi HDMI 1.4, mukufunika chingwe cha 2.1, makamaka cha mitu ya golide. Mukasintha chingwe zonse zitseguka.

NyaBanda_Mtunthama
Pa za magetsi a Gidi alasa. Pa chingwe alasa theka. Chingwecho mwina chili ndi mlandu wake, tiufika, koma si chimene chabisa 144 ndi 165 pa mndandanda wa a Chibwe.

Zimayenda chonchi. Mukangolumikiza, monita imatumiza ku kompyuta kakalata kake kotchedwa EDID, kofotokoza kuti ine ndine wakuti, ndimatha kukula kwakuti pa liwiro lakuti. Kompyuta imatenga mndandandawo n'kufufutamo zonse zomwe bowo lake silinganyamule, ndipo zotsalazo ndi zomwe mumaziona mu Windows. Chingwe wamba cha HDMI ndi mawaya chabe, chilibe pakamwa poti n'kudzitchula dzina, ndiye kompyuta siidziwa ngati ndi chabwino kapena chotha. Mukaona kuti nambala ikusoweratu pa mndandanda, yambani kukayikira bowo, kapena adaputa ngati ilipo pakati. Chingwe chofooka chimaoneka mwa njira ina: nambala imakhalapo, mumaisankha, kenako sikirini imayamba kuthima n'kuyaka kapena kutulutsa timadontho toyera ngati nyenyezi.

A Chibwe, bowo lomwe mwalowetsalo ndi la madabodi, bolodi lalikulu la m'kati mwa kompyuta, osati la khadi lanu la GTX 1060. Pa makina a m'badwo umenewo bowo limenelo ndi HDMI 1.4. Khadi munaligula ndi ndalama zanu koma langokhala pansipo likupiza mphepo.

Musanasunthe chilichonse, yesani kaye ichi kuti tione ngati ndikunena zoona. Tsitsani rezolushoni ifike pa 1920x1080, kenako muonenso mndandanda wa ma Hz.

Chibwe_wa_Mapositala
Eee! Pa 1920x1080 yatuluka 120Hz. Ndikabwerera pa 2560x1440 ikusowanso. Ufiti wanji umenewu?

NyaBanda_Mtunthama
Si ufiti, ndi katundu ndi galimoto. Bowo lililonse lili ndi mlingo wa katundu yemwe linganyamule pa sekondi, ndipo katunduyo ndi kukula kwa chithunzi kuchulukitsa ndi maulendo ake. Mukachepetsa kukula, maulendo amatha kuchuluka. Tiyeni tiwerengere monita yanu yomweyi, foni ili ndi kakyuleta.

Chithunzi chimodzi chili ndi timadontho 2560 m'litali ndi 1440 m'lifupi, tonse pamodzi 3,686,400. Kadontho kalikonse kamafuna mabiti 24, asanu ndi atatu a mtundu wofiira, ena otero a wobiriwira, enanso a buluu. Ndiye tikawerenga mu Gbps, kutanthauza mabiliyoni a mabiti pa sekondi:

```
3686400 x 24 x 60  =  5.3 Gbps
3686400 x 24 x 144 = 12.7 Gbps
3686400 x 24 x 165 = 14.6 Gbps
```

Pamwamba pa izi onjezerani pang'ono, chifukwa kumapeto kwa mzere uliwonse ndi chithunzi chilichonse kumakhala kampata kopumira komwe nakonso kamadya malo m'chingwe.

Tsono galimoto zake. HDMI 1.4, ya mu 2009, amailemba kuti 10.2 Gbps, koma pa mabiti khumi aliwonse awiri ndi oyendetsera ulendo, choncho katundu weniweni ndi 8.16. Pamenepo 5.3 ikukwana bwinobwino, 12.7 siyingayese n'komwe. N'chifukwa chake mukuona 60. HDMI 2.0, ya mu 2013, amailemba 18 Gbps, katundu weniweni 14.4. Imeneyi ili pa khadi lanu, ndipo 144Hz imalowamo mothinana ngati munthu womaliza mu minibasi ya ku Santhe.

Zimitsani kompyuta, tsitsani chingwe chilowe mu HDMI ya pa khadi, yopingasa ija, muyatsenso.

Mlonda_wa_Ngala
Masamu onsewa chifukwa cha gemu ya mpira? Ife tinkaonera mpira pa kanema wa chimbuyo chachikulu osadandaula.

Vidiyo_Sho_Chinkhoma
Poti mwatchula mpira, ndithandizeni nanenso. Ndili ndi kanema wamkulu mu holo yanga ndipo dikoda imakhala ku kauntala, chingwe cha HDMI n'cha mamita khumi ndi asanu. Masana chimagwira, koma nthawi zina pakati pa mpira chithunzi chimathima masekondi awiri n'kubwerera. Nyengo ino ya fodya anthu adzaza, tsiku lina chinathima nthawi ya penate anthu anatsala pang'ono kundiphwanyira mabenchi. Ndigule monita ya 165Hz ngati ya a Chibwe kuti zithe?

Gidi_Kamwendo
Ayi bambo, musataye ndalama. Dikoda yanu siyitulutsa zoposa 50 kapena 60, ndiye 165 ingakhale njinga yamoto yokokedwa ndi ng'ombe. Lanu ndi vuto la kutalika kwa chingwe. Mamita khumi ndi asanu ndi ambiri kwa chingwe chopyapyala, mphamvu imafika kumapeto itatopa. Sendezani dikoda pafupi ndi kanema mugwiritse chingwe chachifupi, inuyo muziyenda ndi rimoti.

Vidiyo_Sho_Chinkhoma
Dikoda pafupi ndi anthu aja? Mukuwadziwa bwino anyamata a pa okushoni? Mawa lake ndidzapeza mawaya okha.

Fodya_Wauma
Ikhomereni m'kabokosi ka thabwa pamwamba, muboole timabowo ta mpweya. Kwathu tinatero. Koma chaka chino mitengo ya fodya mukuiona bwanji kumeneko?

Chibwe_wa_Mapositala
Za fodya tikambirane kwina akuluakulu, ine ndabwerako. Ndatsitsa chingwe pa khadi monga ananenera mayi Banda. Poyamba zilembo zinakula ngati za pa chikwangwani mpaka nditaika madiraiva a khadilo. Tsopano pa 2560x1440 ndikuona 60, 120 ndi 144. Ndinasangalala, ndinasankha 144. Sikirini inada bii, inayaka, inadanso, ndipo itayaka kachiwiri pa malo akuda a chithunzi panali timadontho toyera tothwanima. Ndisanadine chilichonse inabwerera yokha pa 60. Pa 120 ikukhala kanthawi koma ikumathima mwa apo ndi apo, makamaka ndikagunda tebulo. Ndipo 165 siikuonekabe.

Gidi_Kamwendo
Ndinanena ine! Chingwe! Mayi Banda ndipatseni ulemu wanga.

NyaBanda_Mtunthama
Landirani a Gidi, apa ndiye chingwe chagwidwa ndi mbuzi m'manja. Kale chinkabisala kumbuyo kwa bowo lofooka, chifukwa 5.3 Gbps chinkaitha. Tsopano chapatsidwa 12.7 ndi kuposerapo, chagwada. Kubwerera kokha pa 60 kuja ndi Windows, imadikira masekondi 15 kuti muvomereze, mukapanda kutero imabwezera zakale kuti musatsale mumdima.

Koma za golide ndi za chingwe cha 2.1 zija ndikanabe. Golide wa pamutu amateteza ku dzimbiri, sawonjezera liwiro ngakhale pang'ono. Ndipo zingwe za HDMI sizikhala ndi manambala a 1.4 kapena 2.0, manambala amenewo ndi a mabowo ndi zipangizo. Zingwe zili ndi magulu awo, ndipo dzina limalembedwa pa paketi, nthawi zambiri ndi pa khungu la chingwe chomwe. `Standard` anachiyesa pa zithunzi za dikoda zakale basi. `High Speed` anachiyesa kufika 10.2 Gbps. `Premium High Speed` ndi cha 18, ndipo `Ultra High Speed` ndi cha 48, chomwe chimayendera HDMI 2.1. A Chibwe akufunika cha 18. Kugula cha 48 sikulakwa, chigwira, koma khadi lawo ndi monita sizidutsa 18 pa HDMI, ndiye ndalama yapamwambayo ndi yongotaya.

Gidi_Kamwendo
Koma m'mashopu amalemba okha kuti HDMI 2.1 pa paketi. Ine ndikamapita ku Chipata kudzera pa Mwami ndimaziona zodzaza, zonse zolembedwa 8K.

NyaBanda_Mtunthama
Amalembadi, ndipo apa mawu a a Mlonda aja akuti katoni saletsa kulemba ali ndi malo. Zingwe zoyesedwa za magulu awiri apamwamba zimakhala ndi kachizindikiro kokhala ndi QR pa paketi. Kuno kwathu zambiri zimabwera m'kapulasitiki kopanda dzina, ndiye muyeso weniweni ndi kuyesa. Ine ndimatenga chachifupi, mita imodzi ndi theka kapena awiri, ndipo ndimapangana ndi wogulitsa kuti chikathwanima ndibweza. Zoona zake, chingwe chachifupi cha High Speed chopangidwa bwino nthawi zambiri chimanyamula 18 ngakhale sanachiyese pamenepo. Chachitali ndi chopindikapindika ngati cha dikoda yanu, chomwe chakhala chikupanikizidwa kukhoma zaka zonsezi, ndicho chimayamba kugwa.

Kamnyamata_ka_Sukulu
Pepani kulowerera akuluakulu, ine ndine wophunzira. Bwanji osangokakamiza? Pali malo mu pulogalamu ya khadi pomwe umalemba wekha rezolushoni ndi ma Hz omwe ukufuna. Mnzanga anakweza monita yake ya 60 kufika 75.

Gidi_Kamwendo
Mnzakoyo zinatheka chifukwa msewu unali ndi malo otsala. Apa msewu wadzaza kale, mwana wanga. Ukhoza kulemba 165 koma sikirini ingokuyankha kuti `Out of range` kapena kungoda.

Chibwe_wa_Mapositala
Ndabwereka chingwe chachifupi kwa mnzanga wokonza mafoni pafupi ndi depoti, cha pa makina ake a gemu. Pa 144 chakhazikika, ola lathunthu osathima, ndagunda tebulo dala koma zii. Mbewa ikuyenda ngati yadzozedwa mafuta, ngakhale kukoka chithunzi mu pulogalamu yojambulira kukumveka kusiyana. Achimwene apulumuka, sindiwaimbiranso mokalipa. Koma mayi Banda, pa katoni analemba 165. Ma Hz 21 angawo ali kuti?

NyaBanda_Mtunthama
Bwererani pa masamu aja. 165Hz ikufuna 14.6 Gbps tisanaonjezere mipata yopumira, pamene HDMI 2.0 imathera pa 14.4. Yalephera ndi pang'ono, koma yalephera, ndipo palibe chingwe cha HDMI chomwe chingasinthe zimenezo chifukwa malire ali pa bowo. Mamonita ambiri a mtundu wanu amapereka 144 pa HDMI, ndipo 165 amaisungira bowo la DisplayPort. Nambala ya pa katoni ndi yoona, kungoti sanalembe ndi zilembo zazikulu kuti ndi pa bowo liti. Mukapeza kabuku ka monita yanu pa intaneti, pali tebulo losonyeza bowo lililonse ndi ma Hz ake.

Suzumirani pansi pa monita. Muona bowo lofanana ndi HDMI koma ngodya imodzi yokha ndiyo yodulidwa, pambali alemba `DP`. Khadi lanu nalonso lili nawo. DisplayPort 1.2 imanyamula katundu weniweni 17.28 Gbps, ndiye 165 ikwana ndi malo otsala. Mufune chingwe cha DisplayPort mbali zonse ziwiri. Chenjerani ndi chija cha DisplayPort mbali imodzi, HDMI mbali inayo. Chimenecho chikakulowetsaninso pa bowo la HDMI la monita, ndipo zotchipa zambiri za mtundu umenewo sizifika ngakhale pa 144 yomwe muli nayo kale.

Mukachipeza, 165 ikapanda kutulukabe, dinani mabatani a monita mulowe m'menyu yake. Ena amabwera atayikidwa pa `DP 1.1`, muyenera kusintha kukhala `DP 1.2` kapena `1.4`, ndipo ena 165 amaibisa pansi pa `Overclock`. Chinanso, DisplayPort ndi yosiyana ndi HDMI yanuyo pa nkhani ya chingwe chofooka. Iyo poyamba imayesa msewu, ikaona kuti sukuyenda bwino imatsika liwiro yokha mwakachetechete. Ndiye kumeneko chingwe choipa chikhoza kubisadi nambala pa mndandanda, zomwe ndinakana kwa a Gidi pa HDMI. Pozula, ngati mutu wake uli ndi kabatani, dinani kaye chifukwa kamakhala ndi mano. Ndinaonapo munthu ku ofesi kwathu atazula bowo lonse la monita pokoka mwamphamvu.

Mayi_a_Akaunti_Mchinji
Ndawerenga zonse mwachidwi chifukwa zanga zikufanana. Ku ntchito anandipatsa monita ya 4K ndi laputopu yopyapyala yopanda HDMI. Ndimalumikiza kudzera pa kabokosi kolowetsa mu USB-C, komwe kali ndi HDMI ndi mabowo a fulashi. Chithunzi n'chokongola koma mbewa imayenda modumphadumpha, maso amawawa pofika masana. Ndayang'ana pomwe a Chibwe ananena paja, palembedwa 30Hz. Chingwe ndi chatsopano, chinabwera ndi monita.

NyaBanda_Mtunthama
Amayi, kwa inu ndikukayikira kabokosiko. Mu USB-C muli misewu inayi yothamanga. Kabokosi kokhala ndi mabowo a fulashi othamanga kamatenga iwiri kupatsa USB, chithunzi n'kutsala ndi iwiri. Ngati laputopu imatulutsa DisplayPort 1.2, misewu iwiri ndi theka la 17.28 ija, kutanthauza 8.64 Gbps, pamene 4K pa 60Hz imafuna pafupifupi 12. Ndiye imagwera pa 30. Komanso timabokosi tambiri totchipa HDMI yake ndi ya 1.4, imene pa 4K imathera pa 30 pomwepo, ndipo pa paketi amangolemba 4K osatchula ma Hz. Yesani chingwe chochoka pa USB-C kupita pa DisplayPort ya monita mwachindunji, popanda kabokosi, kuti misewu yonse inayi ipite ku chithunzi. Pakadali pano tsitsani pa 2560x1440 muone ngati 60 ituluke, maso apumeko.

Mayi_a_Akaunti_Mchinji
Pa 2560x1440 yatulukadi 60, mbewa yasiya kudumpha, ngakhale zilembo zafooka pang'ono m'mbali. Koma laputopuyi ili ndi USB-C imodzi yokha, ndikachotsa kabokosi kiyibodi ndi chaja ndilowetsa pati?

Gidi_Kamwendo
Apo ndiye pavuta. Alipo mabokosi omwe amatha zonse, 4K pa 60 ndi USB pamodzi, koma zimadalira ngati laputopu yanu imatulutsa DisplayPort 1.4. Tiuzeni dzina lake lonse la pansi pa laputopu tione. Osagula kaye kalikonse.

Mlonda_wa_Ngala
Ine funso langa ndi limodzi. Pakati pa 144 ndi 165, diso la munthu wodya nsima ngati a Chibwe lingasiyanitse?

Kamnyamata_ka_Sukulu
Ndawerengera. Pa 60Hz chithunzi chimodzi chimakhala mamilisekondi 16.7, pa 144 ndi 6.9, pa 165 ndi 6.1. Kuchoka pa 60 kufika 144 mwapindula pafupifupi 10, koma kuchoka pa 144 kufika 165 simukufika ngakhale imodzi.

Gidi_Kamwendo
Mwanayu adzafika patali. Ine sindingakwere minibasi kupita ku Lilongwe chifukwa cha kamilisekondi kosakwana kamodzi. Komanso GTX 1060 pa 2560x1440 magemu atsopano siyingawafikitse pa zithunzi 165 pa sekondi, monita izingojambulanso zomwezo.

NyaBanda_Mtunthama
Pa liwiro lokha ndikugwirizana nanu. Koma poti a Chibwe chingwe ayenera kugulabe, cha mnzawo chija n'chobwereka, ine ndikanagula cha DisplayPort. Ngati monitayo ili ndi `FreeSync` kapena `Adaptive-Sync` m'menyu, khadi la GTX 1060 limatha kuigwiritsa pa DisplayPort pokha, osati pa HDMI. Imeneyo ndi imene imathandiza gemu ikamalephera kufika 144, chithunzi sichiduka pakati.

Chibwe_wa_Mapositala
`Adaptive-Sync` ilimodi m'menyu, ndaiona. Ndazungulira mashopu anayi m'tauni muno masana ano. Atatu sanachimvepo n'komwe, wachinayi ananditulutsira cha DisplayPort mbali imodzi HDMI mbali inayo, n'kumalumbira kuti n'chimodzimodzi. Ndamusiyira. Mwini chingwe chobwereka uja wayamba kale kundiimbira, akuti madzulo ano ali ndi mpikisano wa gemu.

Fodya_Wauma
Ine Lachinayi ndikupita ku Lilongwe kukatenga sipeya wa thirakitala. Nditumizireni chithunzi cha mutu wa chingwecho ku inibokosi, mbali zonse ziwiri, ndisakakugulireni cha pulinta.

Chibwe_wa_Mapositala
Ndatumiza bambo, cha mamita awiri chisapitirire. Mpaka Lachinayi ndabwezeretsa cha dikoda pa 60, ndipo kunyumba akuti akufuna chingwe chawo pofika nthawi ya nkhani za madzulo.